Lipoti: Masitandadi awiri a parasetamo amene ankakana kugwirizana, ndi zimene tinapeza pa sikelo

Vuto linaonekera pa makina a HPLC, amene amayeza kuchuluka kwa mankhwala osungunulidwa, koma gwero lake linali m'chipinda choyezera kulemera. Mu labotale yathu, tikamayeza mphamvu ya mapiritsi a parasetamo, timakonza payekhapayekha masitandadi awiri oyerekezera nawo mapiritsiwo. Aliyense amakhala ufa weniweni wa parasetamo wolemera mamiligalamu 20, wothiridwa mwachindunji mu fulasiki ya mamililita 100. Awiriwo akalowa m'makina, tikawerengera kulemera kwa aliyense, ayenera kugwirizana pakati pa 98 ndi 102 peresenti. Akapanda kutero, ntchito ya tsikulo imaima.

Kwa zaka zambiri lamuloli silinkativutitsa. Kenaka linayamba kulephera pafupipafupi: lero 103.1, mawa 96.8, tsiku lina 99.6 ngati palibe chovuta. Anzanga anayamba ndi kukayikira makina. Anasintha kolamu, anatsuka singano yobayira, anakonza madzi atsopano. Koma sitandadi imodzi ikabayidwa mobwerezabwereza, zotsatira zinkagwirizana bwino kwambiri. Makina amene akubwereza bwino chinthu chimodzi sangakhale amene akusiyanitsa mafulasiki awiri. Kusiyanako kunali m'mafulasikimo, ndipo chimene chimalowa mu fulasiki chimadutsira pa sikelo.

Nditaika masiku olephera pambali pa buku la sikelo, zinthu ziwiri zinaonekera. Kulephera konse kunayamba sikelo itasamutsidwa. Pansi pa chipinda chake pankakonzedwa, ndiye inachotsedwa pa tebulo lake la simenti n'kuikidwa pa tebulo lamatabwa m'chipinda choyandikana. Chachiwiri, kulephera kwambiri kunali kwa masitandadi okonzedwa m'mawa, ntchito ikangoyamba. Okonzedwa masana ankalephera mwa apo ndi apo.

Mnyamata amene amasunga bukulo sanachedwe kudziteteza. "Amayi, sikeloyo ili bwinobwino. Onani nokha, tsiku lililonse ndimaikapo mwala wa galamu imodzi ndipo imawerenga 1.0000 kapena 1.0001." Ankanena zoona, ndipo m'bukumo munalidi mzere wautali wa manambala okongolawo. Chimene mwala wa galamu imodzi sungathe kuona ndifotokoza m'munsimu.

Kathovu ka mu levulo

Sikelo yathu imanyamula mpaka magalamu 220 ndipo imawerenga mpaka 0.0001 g, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a miligalamu. Ili ndi kalevulo kozungulira, kofanana ndi levulo ya amisiri omanga, kokhala ndi kathovu ka mpweya kamene kayenera kukhala pakati pa kamzere kozungulira. Pa tebulo lamatabwalo kathovuko kanali katatulukiratu m'kamzereko n'kukatsamira chakumbuyo. Kathovu kamathawira kumbali yokwera, choncho kumbuyo kwa sikelo kunali pamwamba. Nditawerama ndinapeza kuti mwendo wina wa tebulolo unali waufupi ndipo wina anaupachika katoni yopinda.

Ndisanakhudze chilichonse ndinaikapo mwala wathu woyesera wa magalamu 200, umene satifiketi yake imati ndi 200.0002 g. Sikelo inawerenga 199.9931 g. Inapereweza pafupifupi mamiligalamu 7.

Chifukwa chake n'chakuti sikelo yamtunduwu imayeza mphamvu imene ikukankha mbale yake molunjika pansi pa mbaleyo. Dziko limakoka chinthu molunjika pansi, koma sikelo ikapendekeka, njira imene mbale imayendamo imapendekeka nayo, ndipo sikelo imangomva gawo la mphamvuyo. Masamu ake ndi awa:

```
chowerengedwa = kulemera × cos θ
```

Pamenepa θ ndi kupendekeka kwa sikelo. Pa theka la digiri, sikelo imapereweza magawo pafupifupi 38 pa miliyoni. Pa magalamu 200 amenewo ndi mamiligalamu 7.6, pafupi kwambiri ndi zimene ndinaona. Theka la digiri si lalikulu ayi: ngati miyendo ya sikelo yatalikirana masentimita 30, ndiye kuti mbali imodzi yakwera mamilimita osakwana atatu. Ndi maso simungaone.

Tsono werengerani chimodzimodzi pa mwala wa mnyamata uja. Pa galamu imodzi, kupereweza kumeneku ndi 0.04 mg, kosakwana ngakhale theka la nambala yomaliza ya sikelo. N'chifukwa chake bukulo linkaoneka laukhondo sikelo ili chipendekekere.

Koma apa pali funso limene munthu wodziwa masamu angafunse, ndipo n'loyenera. Ngati pa galamu imodzi cholakwikacho sichioneka, pa mamiligalamu 20 ndiye n'chochepetsetsa, chosakwana 0.001 mg. Nanga kupendekekako kukukhudza bwanji sitandadi yathu? Yankho lili mu fulasiki. Ufa wa mamiligalamu 20 sukhala wokha pambale. Umagwera mu fulasiki yolemera pafupifupi magalamu 60, imene tadina TARE kuti isaoneke pa sikirini. Kusaoneka pa sikirini sikuichotsa pambale. Sikelo ikupitiriza kunyamula magalamu 60 onsewo, ndipo nambala imene mukuwerenga ndi kusiyana pakati pa katundu wa poyamba ndi wa tsopano. Kupendekeka kukangosintha pang'ono pakati pa kudina TARE ndi kuwerenga, kusinthako kumagwera pa magalamu 60, osati pa mamiligalamu 20.

Ndipo kusinthako kumakula malinga ndi pamene mwayambira. Sikelo yowongoka bwino ikagwedezeka ndi digiri 0.1, fulasiki ya magalamu 60 imasintha ndi 0.09 mg yokha. Sikelo imene yapendekeka kale ndi digiri 0.5 ikasuntha kufika 0.6, kusuntha kofanana ndendende, fulasiki yomweyo imasintha ndi miligalamu yathunthu. Kuwirikiza koposa kakhumi. Digiri 0.1 pa masentimita 30 ndi theka la milimita, ndipo katoni yopinda imabonyeka kuposa pamenepo munthu akatsamira tebulo.

Ndinayesa zimenezi anzanga akuona. Ndinaika fulasiki yopanda kanthu, n'kutseka zitseko zagalasi, n'kudina TARE. Sikirini inati 0.0000. Ndinaika chigongono pa tebulo monga amachitira aliyense pothira ufa ndi kasupuni. Nambala inayenda n'kukaima pa −0.0006, ndipo kachizindikiro kosonyeza kuti sikelo yakhazikika kanayaka. Nditachotsa chigongono sinabwerere pa ziro, inaima pa −0.0002. Kachizindikiro kameneka kamanamiza ambiri. Kamangotanthauza kuti nambala yasiya kuyenda kwa kanthawi, osati kuti nambalayo ndi yoona. Pa mamiligalamu 20, kusiyana kwa 0.6 mg ndi 3 peresenti. Wina amadina TARE atatsamira n'kuwerenga ataimirira, wina mosemphanitsa, ndiye n'chifukwa chake masitandadi ankaphonya mbali zonse ziwiri.

Powongola, tinabwezera kaye sikelo pa tebulo la simenti, chifukwa kuwongola sikelo pa tebulo logwedera n'kutaya nthawi. Kenaka tinazunguliza miyendo iwiri yopotokola, pang'onopang'ono, mpaka kathovu kanafika pakati. Kathovu kakakhala kutsogolo kapena kumbuyo, miyendo yonse iwiri imazungulizidwa mbali imodzi. Kakakhala kumanja kapena kumanzere, imazungulizidwa mosemphana. Muziyang'ana kathovuko kuchokera pamwamba penipeni, chifukwa mukakayang'ana chammbali kamaoneka ngati kali pakati pamene sikali.

Chifukwa chake m'mawa kunkavuta kwambiri

Tebulo linkafotokoza kulephera kwa nthawi iliyonse, koma silinkafotokoza za m'mawa. Zimenezo ndinazimva kwa amene amatseka labotale madzulo. M'chipinda chakale sikelo inali yolumikizidwa ku UPS, chipangizo cha batire chopitiriza kupereka magetsi akazima, ndipo sinkazimitsidwa konse. M'chipinda chatsopano inali pa soketi wamba yakhoma, ndipo poopa kuti magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu angaiwotche, ankazula pulagi poweruka. Maganizo ake anali abwino, ndipo amene anatayapo chipangizo chifukwa cha magetsi obwera modzidzimutsa sangawaseke. Koma zotsatira zake zinali zakuti m'mawa uliwonse sikelo inkayamba ntchito ili yozizira, ndipo masitandadi, amene amakonzedwa poyambirira penipeni, ndi amene ankaipeza ili choncho.

Mkati mwa sikelo mulibe sipuling'i ngati ya sikelo ya pamsika. Muli koyilo ya waya imene ili pakati pa maginito. Mukaika katundu, mbale imafuna kutsika; kadiso kamagetsi kamaona kusunthako, ndipo sikelo imawonjezera magetsi odutsa mu koyilo mpaka mbale ibwerere pamalo ake. Kuchuluka kwa magetsi amenewo ndi kumene kumasandulika nambala ya pa sikirini. Tsono magetsi akayamba kuyenda, koyilo ndi zipangizo zina zimafunda, zitsulo zimafutukuka pang'ono, mphamvu ya maginito imasintha ndi kutentha, ndipo mpweya wa m'kabokosi kagalasi umayamba kuyenda. Zonsezi zimapitirira mpaka kutentha kwa mkati kutakhazikika. Zisanakhazikike, ziro wa sikelo amayenda.

M'mawa wotsatira ndinazula pulagi dala usiku wonse, sikelo ili kale pa simenti ndiponso yowongoka, kuti ndione kuyendako pakokha. Ndinazimitsa AUTOZERO, chifukwa ikakhala yoyaka imabweza nambala pa ziro mwakachetechete ndipo simuona kanthu. Mbale yopanda kanthu, zitseko zotseka, ndinalemba izi:

```
mphindi   0    0.0000 g
mphindi  10    0.0004 g
mphindi  20    0.0007 g
mphindi  30    0.0009 g
mphindi  45    0.0010 g
mphindi  60    0.0010 g
```

Palibe chimene chinaikidwa pambale, koma sikelo inadzipezera miligalamu yathunthu, ndipo yambiri inabwera mu theka la ola loyamba. M'mphindi khumi zoyambirira inkayenda 0.04 mg pa mphindi. Kuthira ufa mu fulasiki ya khosi lopapatiza, kambewu ndi kambewu kuti ufike pa 20 osapitirira, kumatenga mphindi zinayi kapena zisanu kwa munthu wosamala. M'mphindi zisanu sikelo yawonjezera yokha 0.2 mg. Sikirini ikuti 20.0 pamene mu fulasiki muli 19.8, ndipo imeneyo ndi peresenti imodzi. N'zomvetsa chisoni kuti wosamala kwambiri, amene amachedwa pothira, ndi amene amalakwiridwa kwambiri.

Opanga masikelo amalemba m'mabuku awo nthawi yodikira. Kwa sikelo yowerenga 0.1 mg, kawirikawiri ndi ola limodzi kuchokera pamene yalumikizidwa ku magetsi, yowerenga 0.01 mg imafuna nthawi yoposerapo. Batani la ON/OFF pa masikelo ambiri limangozimitsa sikirini, mkati mukadali moyaka, ndipo sikelo yotero imakhala yokonzeka mukangoidzutsa. Chimene chimabwezera zonse poyambira ndi kuzula pulagi kapena kuzima kwa magetsi. Choncho magetsi akazima masana kwa nthawi yotalikirapo n'kubwera ndi jenereta, kudikira kumayambiranso.

Mwala woyesera: waukulu ndi waung'ono

Sikelo itawongoka ndi kufunda kwa ola, ndinabwerezanso mwala wa magalamu 200. Inawerenga 200.0009 g, kupitirira satifiketi ndi 0.7 mg. Apa m'pamene ndinadina CAL, kuti sikelo idzikonze ndi mwala wake wa mkati. Itatha inawerenga 200.0003 g.

Ndondomeko imeneyi ili ndi chifukwa, ndipo ndimaumirirapo. Ndikanadina CAL tsiku loyamba lija, sikelo ili yopendekeka, ikanadzikonza molingana ndi kupendekekako. Mwala wa magalamu 200 ukanawerenga bwino, mamiligalamu 7 aja akanabisika, koma tebulo likanapitiriza kugwedera ndipo masitandadi akanapitiriza kulephera popanda chizindikiro chilichonse. CAL ya pa sikelo yozizira nayonso imakonza sikelo imene pakatha theka la ola idzakhala itasintha. Komanso nambala ya mwala musanakonze ndi umboni wokhawo wa mmene sikelo inalili pamene ntchito ya m'mbuyo inkayezedwa. Mukadina CAL musanailembe, mwaufafaniza umboniwo.

Mwala wakunja umafunika ngakhale sikelo ili ndi wake wa mkati, chifukwa wa mkati sungadzichitire umboni wokha. Wathu ndi wa gulu la E2 malinga ndi muyezo wa OIML R 111, umene umalola mwala wa magalamu 200 kuphonya ndi 0.3 mg basi. Wa gulu la F1 umaloledwa 1.0 mg. Sugwiridwa ndi dzanja lamaliseche, chifukwa thukuta ndi mafuta a chala zimatsalira pamwalapo. Timaunyamula ndi chopanira chake kapena golovesi yansalu, ndipo bokosi lake limakhala pafupi ndi sikelo kuti mwala ndi sikelo zikhale pa kutentha kumodzi. Mwala wochokera m'chipinda chotentha umafunditsa mpweya wouzungulira, mpweyawo umakwera, ndipo sikelo imawerenga mopereweza.

Pali chinanso chimene mwala waukulu umagwira. Sikelo imayeza kukoka kwa dziko, ndipo kukokako sikofanana paliponse. Kumachepa mukamayandikira mzere wa ikweta kuchoka kumpoto kapena kummwera, ndiponso mukamakwera. Sikelo yokonzedwera ku Ulaya ikafika ku Lilongwe osakonzedwanso imapereweza pafupifupi 0.3 peresenti, magalamu 0.6 pa mwala wa 200. Ngakhale kuikweza mamita khumi m'nyumba yosanja kumasintha mwala womwewo ndi 0.6 mg. Sikelo ikasamuka, mwala waukulu uyenera kukwerapo.

Koma mwala waukulu sunena chilichonse za mamiligalamu 20. Umayesa ngati sikelo ikuwerenga mokulitsa kapena mochepetsa katundu yense, ndipo taona kale kuti cholakwika chamtunduwo chimachepa katundu akamachepa. Chimene sichichepa ndi kumwazikana kwa manambala: chinthu chimodzimodzi chikaikidwa kambirimbiri, sikelo sipereka nambala imodzi. Kumwazikanako kumakhala pafupifupi kofanana kaya mukuyeza magalamu 10 kaya mamiligalamu 10, ndiye katundu akachepa, gawo lake limakula. Kuti mukuone pamafunika mwala waung'ono woikidwa kosachepera kakhumi, uku mukubweza sikelo pa ziro musanauike ulendo uliwonse. Mwala wa galamu imodzi woikidwa kamodzi patsiku unkaphonya zonse ziwiri: unali wochepa kwambiri kuti uonetse kupendekeka, ndipo nambala imodzi singaonetse kumwazikana.

Ndi mwala wa magalamu 10, pa simenti, sikelo yofunda, tinapeza:

```
10.0001  10.0000  10.0001  10.0002  10.0000
10.0001  10.0001  10.0000  10.0002  10.0001
SD = 0.074 mg
```

Malamulo a mankhwala a ku America, USP, pa mutu 41, amati SD, imene ndi muyezo wa kumwazikana kwa manambala, ikawirikizidwa kawiri isapitirire 0.10 peresenti ya katundu wochepetsetsa amene mukufuna kuyeza. Mukatembenuza masamuwo mumapeza:

```
kulemera kochepetsetsa = 2000 × SD
2000 × 0.074 mg = 148 mg
```

Apa m'pamene nkhani inatembenukira kwa ife eni. Sikelo yowongoka, yofunda, yokonzedwa bwino, pa tebulo la simenti, sinali yoyenera kuyeza chilichonse chochepera mamiligalamu 148. Ndipo palibe luso limene likanatifikitsa pa 20. Mutu womwewo umati SD ikapezeka yochepera 0.41 ya nambala yomaliza ya sikelo, muwerengere 0.41 yomweyo. Kwa sikelo yowerenga 0.1 mg, zimenezo zikupereka mamiligalamu 82 ngati malire amene sangatsike. Njira yathu ya mamiligalamu 20 inkadutsa kale chifukwa malire a 98 mpaka 102 peresenti ndi otakasuka, ndipo kumwazikana kwa 0.074 mg kunkakwanamo. Kusamukako kunangodya mpata umene unatsala.

Zimene zinasintha

Njira yokonzera sitandadi inalembedwanso. Tsopano timayeza mamiligalamu 200 mu fulasiki ya mamililita 100, kenaka timatengamo mamililita 10 ndi pipeti n'kuwasungunula mu fulasiki ina ya 100. Mphamvu yomaliza ndi yomwe ija ya kale, 0.2 mg pa mililita. Ufa wa sitandadi umatha msanga ndipo ndi wokwera mtengo, ndiye a zogula sanasangalale. Njira ina ikanakhala kugula sikelo yowerenga 0.01 mg, imene ndi yokwera mtengo koposa. Ndinasankha 200 osati 150 chifukwa SD ija inapezeka pa tsiku labata, zitseko zotseka, fani yozimitsa. Tsiku wamba silikhala choncho. Pa sikelopo tinamatapo pepala lonena kuti katundu wochepera mamiligalamu 200 asayezedwepo.

Sikelo inabwerera ku UPS ndipo pulagi yake sizulidwa. Buku la tsiku ndi tsiku lili ndi mizere yatsopano: kathovu kali pakati kapena ayi, nthawi imene magetsi anazima komaliza, ndi nambala ya mwala wa magalamu 200 CAL isanadinidwe. Malire athu pa mwalawo ndi miligalamu imodzi kumbali zonse. Tikanatsatira malire a 0.10 peresenti okha, amene pa magalamu 200 ndi mamiligalamu 200, sikelo yopendekeka ija ikanadutsa mosavuta ndi mamiligalamu ake 7. Malire opapatiza ndi amene amachenjeza kuti pali chimene chasuntha. Kuyesa kwa kakhumi ndi mwala wa magalamu 10 kumachitika mwezi uliwonse ndiponso sikelo ikangosamutsidwa, ngakhale kukankhidwa chabe pokolopa.

Panatsala ntchito ya masabata amene sikelo inali pa tebulo lamatabwa. Masiku amene masitandadi analephera sanali odetsa nkhawa, chifukwa ntchito inaima. Odetsa nkhawa anali amene anadutsa. Masitandadi awiri oyezedwa motsatizana pa sikelo yozizira amatha kuphonyera mbali imodzi n'kugwirizana okhaokha. Sikirini ikanena 20.0 pamene mu fulasiki muli 19.5, sitandadi imakhala yofooka kuposa mmene tikuganizira, ndipo mapiritsi onse oyerekezedwa nayo amaoneka amphamvu ndi 2.6 peresenti kuposa mmene alili. Malire amene timagwiritsa ntchito ndi 95 mpaka 105 peresenti, choncho piritsi la 93 likhoza kulembedwa 95.4 n'kudutsa. Tinatulutsa mapiritsi osungidwa a magulu onse amene zotsatira zake zinali pansi pa 98 kapena pamwamba pa 102, n'kuwayezanso ndi sitandadi ya mamiligalamu 200. Onse anakhalabe m'malire, koma ena manambala awo anasintha mokwanira kuti malipoti ake alembedwenso, ndipo analembedwa ndi chifukwa chake pansi pa nambala yatsopano.